Tiyi wa chidede: kakonzedwe kake ndi zomwe amachita pa kuthamanga kwa magazi

Chidede ndi chomera cha mtundu umodzi ndi therere lobala komanso thonje, ndipo akatswiri a zomera amachitcha Hibiscus sabdariffa. Chimakula mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu kapena kupitirira apo, chili ndi tsinde lofiirira, ndipo masamba ake ndi owawasa. M'madera ambiri a m'Malawi chinkadziwika makamaka ngati ndiwo, chifukwa masamba ake amaphikidwa ndi nsinjiro. Masiku ano chikugulitsidwa chouma m'misika ndi m'masitolo, m'timapaketi tolembedwa kuti ndi tiyi wotsitsa bipi. Mawu amenewa ali ndi choonadi mkati mwake, koma choonadicho chili ndi malire omwe ogulitsa ambiri satchula.

Ngakhale anthu amati ndi tiyi wa maluwa, chomwe chimamwedwa si duwa lenileni. Duwa la chidede ndi lachikasu mowala kapena lotuwirako, lili ndi kadontho kofiira pakati, ndipo limakhala tsiku limodzi lokha n'kufota. Likagwa, makoko omwe anali kunsi kwake amayamba kutupa ndi kufiira, n'kukuta kabulunga ka njere. Makoko okhuthala ofiirawo ndiwo amaumitsidwa kukhala tiyi. Zimenezi ziyenera kumveka bwino chifukwa pali chomera china chachibale, Hibiscus rosa-sinensis, chomwe chimadzalidwa pakhomo ngati mpanda kapena chokongoletsa ndipo chimachita maluwa akuluakulu ofiira. Kafukufuku wa bipi yemwe akufotokozedwa pano sanachitike pa chomera chimenecho. Wothyola maluwa a mpanda n'kuwawiritsa ndiye kuti akumwa chinthu china.

Chakumwachi n'chakalekale m'maiko ambiri otentha. Ku Egypt ndi ku Sudan amachitcha karkade, ku Senegal bissap, ku Nigeria zobo, ku Ghana sobolo, ndipo ku Mexico ndi ku Jamaica chimamwedwa chozizira, makamaka pa Khirisimasi kwa anthu a ku Jamaica. M'maiko onsewa chimatsiridwa shuga wambiri, ndipo nkhani ya shugayi ndi yaikulu kwa munthu womwa chifukwa cha bipi.

Kuchokera kumunda kufika m'botolo

Chidede chimadzalidwa ndi mvula yoyamba, koma sichichita maluwa mpaka usana utayamba kufupika. N'chifukwa chake makoko amakhwima mvula ikamatha, kuyambira mu Epulo kupita m'tsogolo. Amakololedwa pakatha milungu iwiri kapena itatu duwa litagwa, adakali onenepa ndi ofewa. Akachedwa pamtengo amalimba n'kuchita ulusi.

Kabulunga ka njere kamachotsedwa ndi mpeni, podula kunsi n'kukankhira njerezo kunja. Ntchitoyi imayabwa m'manja chifukwa kabulungako kali ndi timaubweya tolasa. Makoko akatsukidwa amayanikidwa pa thandala kapena pa mphasa yoyera, mopyapyala, pamalo podutsa mphepo, osati padothi. Dzuwa loswa mtengo limawaumitsa msanga koma limachepetsa kufiira kwake, choncho mthunzi wowala ndi wabwinoko. Auma mokwanira akamathyoka ndi kulira akafinyidwa m'manja. Madzi ndi ochuluka kwambiri m'makoko aawisi, moti makilogalamu pafupifupi 10 amatsala kilogalamu imodzi akauma.

Wogula pamsika ali ndi zizindikiro zitatu zoti aziona. Mtundu ukhale wofiira modera, wosatuwa ngati fodya. Fungo likhale lowawasa ngati la chipatso, osati la chinyontho. Ndipo m'makwinya a makoko musakhale chuku, mchenga kapena tizilombo. Chidede chochita chuku n'chotaya. Kuchiwiritsa sikuchotsa poizoni yemwe chuku china chimasiya. Chouma bwino chimasungidwa m'botolo lotseka, pamalo amdima, ndipo chimatha miyezi yambiri. Kuwala ndi chinyontho ndizo zimachiononga.

Kakonzedwe kake

Njira yosavuta ndi yoviika m'madzi owira. Madzi amawiritsidwa kaye, n'kuchotsedwa pamoto, kenako amatsanuliridwa pa makoko ouma ndi kuvundikira. Pa kapu imodzi ya mamililita 240 pamafunika galamu imodzi ndi theka kapena awiri, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono yodzaza bwino ya makoko osinjidwa. Zimasiyidwa mphindi 6 mpaka 10, kenako n'kusefa. Tiyi wake amatuluka wofiira ngati vinyo, wowawasa mothetsa ludzu. Akatuwa ndiye kuti makoko achepa kapena ndi akale. Akawawasa mpaka kuumitsa m'kamwa ndiye kuti achuluka kapena akhalitsa m'madzi.

Wofuna kukonza wa tsiku lonse kamodzi angathe kuika magalamu 4 mpaka 10 m'madzi okwana theka la lita kapena kupitirirako pang'ono, n'kusefera m'botolo. Miyeso imeneyi si yongoganiza: ndi yomwe inagwiritsidwa ntchito m'kafukufuku awiri otchuka omwe afotokozedwe kutsogoloku. Popeza makoko athunthu ndi opepuka ndipo amadzaza supuni mosiyanasiyana, ndi bwino kuyeza kamodzi pa sikelo yaing'ono kuti munthu adziwe kuti supuni yake imanyamula magalamu angati. Akadziwa, sikeloyo safunikanso tsiku ndi tsiku.

Ena amawiritsa makoko pamoto kwa theka la ola kapena kuposa, poganiza kuti mphamvu yonse ituluke. Kutero n'kuononga. Zinthu zomwe zimafiiritsa tiyiyu, zotchedwa anthosayanini, zimasungunuka msanga m'madzi, ndipo moto wa nthawi yaitali umaziphwanya. Tiyi wowiritsa mopitirira amasiya kufiira kowala n'kuyamba kuoneka ngati dothi la katondo. Ngati makoko ndi okayikitsa pa ukhondo, kuwiritsa mphindi zisanu n'kokwanira.

Pali njiranso yoviika m'madzi ozizira. Makoko otsukidwa amaikidwa m'madzi owiritsa kale omwe azizira, n'kusiyidwa usiku wonse m'filiji. Tiyi wake sawawasa kwambiri ndipo mtundu wake ndi wokongola. Njirayi ndi ya amene ali ndi filiji, chifukwa madzi osawiritsidwa pamodzi ndi makoko, akakhala pamalo otentha usiku wonse, amayamba kusasa. Tiyi wokonzedwa kale amatha masiku awiri kapena atatu m'filiji; kopanda filiji ayenera kumwedwa tsiku lomwelo. Akayamba thovu, kunanda kapena kununkha ngati thobwa logonera, ndi wotaya.

Chiwiya chokonzera chili ndi nkhani yake. Tiyi wa chidede ali ndi asidi wambiri, ndipo asidi amadya aluminiyamu. Mapoto ambiri a m'makomo, makamaka osula pamsika, ndi a aluminiyamu, choncho kuphikira kapena kugoneka chidede m'menemo kumasungunulira chitsulocho m'chakumwa ndi kusintha kakomedwe kake. Madzi okha angathe kuwiritsidwa m'poto wotero, koma kuviika kuchitikire m'kapu yadothi, m'botolo lagalasi kapena m'poto wa chitsulo chosachita dzimbiri.

Mkaka sugwirizana ndi tiyiyu, umangodukaduka. Soda ndi chidulo, zomwe amayi amathira m'ndiwo zowawasa, zimapha asidi n'kusandutsa tiyi kukhala wobiriwira modera, ndipo anthosayanini sachedwa kuonongeka asidi akachoka. Zomwe zimakometsa popanda vuto ndi kachidutswa ka jinja, timasamba ta lemonigilasi kapena khungu la lalanje.

Shuga ndiye mdani wobisika. Supuni yaing'ono imodzi imanyamula magalamu pafupifupi 4. Munthu wothira masupuni atatu m'kapu iliyonse, makapu atatu pa tsiku, wamwa magalamu 36 a shuga kuchokera ku tiyi yekha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino kwambiri akachepera 25. Shuga wotere, miyezi ikamapita, amaonjezera thupi, ndipo kunenepa kumakweza bipi yomweyo yomwe munthu akulimbana nayo. Uchi nawonso ndi shuga. Amene akulephera kumwa tiyi wosathira kanthu achepetse makoko kapena aonjezere madzi. Lilime limazolowera pakatha masiku ochepa.

Zomwe manambala a bipi amanena

Makina oyezera bipi amatulutsa manambala awiri. Yapamwamba ndi mphamvu yomwe magazi amakankhira makoma a mitsempha mtima ukapopa, ndipo yapansi ndi mphamvu yotsalira mtima ukapuma. Kwa munthu wamkulu, 120/80 kapena kucheperako ndi kwabwino. WHO imati munthu ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi ngati nambala yapamwamba ifika 140 kapena yapansi ifika 90 pa masiku awiri osiyana. Pakati pa 120 ndi 139 pali anthu ambiri omwe sanadwale koma ali m'mphepete.

Vutoli si lachilendo m'Malawi. Kafukufuku wa dziko lonse wa chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi bipi yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Sankadziwa chifukwa bipi yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi. Munthu amalima, amayenda, amadya bwino, kwinaku mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso zikuonongeka pang'onopang'ono. Mfundo imeneyi ikukhudza tiyi wa chidede mwachindunji: palibe amene angadziwe kuti tiyiyu akumuthandiza pongomva kupepuka m'thupi kapena kuleka kwa mutu. Makina okha ndiwo anganene.

Zomwe ofufuza anapeza

Kafukufuku wodziwika kwambiri anachitikira pa yunivesite ya Tufts mu mzinda wa Boston ku America, motsogozedwa ndi Diane McKay, ndipo anasindikizidwa mu 2010. Anatenga anthu 65 a zaka 30 mpaka 70 omwe bipi yawo inali m'mphepete kapena yokwera pang'ono, ndipo sankamwa mankhwala a bipi. Gulu lina linkamwa makapu atatu a tiyi wa chidede pa tsiku, kapu iliyonse mamililita 240 ndi magalamu 1.25 a makoko, kwa milungu 6. Gulu linalo linkamwa chakumwa chofanana mtundu ndi kakomedwe koma chopanda chidede. Kufananitsa kotere n'kofunika, chifukwa bipi ya munthu imatsikako pang'ono akangozolowera kuyezedwa komanso akamakhulupirira kuti akulandira thandizo.

Pomaliza, nambala yapamwamba ya omwa chidede inatsika ndi 7.2, pomwe ya gulu linalo inatsika ndi 1.3. Kusiyana kwenikweni ndiye kunali pafupifupi 6. Nambala yapansi inatsika ndi pafupifupi 3, koma kusiyana kwake ndi gulu linalo kunali kochepa moti ofufuzawo sanathe kunena motsimikiza kuti ndi tiyi anachititsa. Chochititsa chidwi n'choti amene anayamba ndi bipi yokwererako, yoposa 129, ndiwo anatsika kwambiri, ndi pafupifupi 13.

Ku Mexico, ofufuza motsogozedwa ndi Herrera-Arellano anayesa njira ina mu 2004. Odwala ena ankamwa tiyi wa magalamu 10 a makoko m'theka la lita ya madzi m'mawa uliwonse asanadye, pomwe ena ankamwa mankhwala a kaputopiri kawiri pa tsiku. Patatha milungu inayi, omwa tiyi anatsika kuchoka pa 139/91 kufika pa 124/80, ndipo zotsatira za magulu awiriwa zinali zoyandikana. Nkhani imeneyi ndi yomwe ogulitsa amakonda kutchula. Zomwe satchula n'zoti ofufuza omwewo atabwereza mu 2007, ndi anthu ochulukirapo komanso pofananitsa ndi mankhwala a lisinopiri, chidede chinatsitsa bipi koma mankhwalawo anachiposa.

Mu 2015 akatswiri ena anaphatikiza kafukufuku asanu, a anthu 390 onse pamodzi, ndipo anapeza kutsika kwa pafupifupi 7.6 pa nambala yapamwamba ndi 3.5 pa yapansi. Manambala amenewa ndiwo oyenera kuwasunga m'mutu: 7 pamwamba, 3 pansi, kwa munthu wapakatikati.

Kutsika kotere si kwachabe. Piritsi limodzi la bipi pa mlingo wake wamba limatsitsa nambala yapamwamba ndi pafupifupi 9, choncho chidede sichili kutali kwambiri. Kafukufuku wamkulu wa mankhwala a bipi waonetsanso kuti kutsitsa nambala yapamwamba ndi 5 kumachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Komabe umboni wa chidede ndi wopepuka pouyerekeza ndi wa mapiritsi. Kafukufuku wake ndi wa anthu ochepa, wa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo aliyense ankakonza tiyi mosiyana. Anayeza manambala a bipi okha, osati kuchuluka kwa anthu omwe anapewa sitiroko patatha zaka, monga zimachitikira ndi mankhwala. Bungwe la Cochrane, lomwe limasefa umboni wa zamankhwala mokhwimitsa, litaunikanso nkhaniyi mu 2021 linati umboni womwe ulipo sunakwane kuti munthu anene motsimikiza. Chiweruzo choyenera n'chakuti tiyi wa chidede amatsitsadi bipi pang'ono mwa anthu ambiri, koma sali pa mlingo wa mankhwala a kuchipatala.

Mmene amagwirira ntchito m'thupi

Ofufuza amatchula njira zitatu. Yoyamba ikukhudza anthosayanini. M'thupi muli mchere wina wotchedwa anjiyotensini womwe umafinya mitsempha, ndipo umapangidwa mothandizidwa ndi enzaimu inayake. Mankhwala monga kaputopiri, enalapiri ndi lisinopiri amagwira ntchito potsekereza enzaimu imeneyo. Poyesa m'chipinda cha kafukufuku, anthosayanini a chidede anaoneka kuti amaitsekerezanso, ngakhale mofooka. Njira yachiwiri ndi kukodzetsa: tiyiyu amathandiza impso kutulutsa madzi ndi mchere, ndipo madzi akachepa m'mitsempha mphamvu ya magazi imatsika. Yachitatu ndi kumasula makoma a mitsempha kuti ikule, zomwe zaoneka kwambiri poyesa pa nyama.

Njira ziwiri zoyambazo ndi zomwezo zomwe mapiritsi ofala a bipi amadutsamo, ndipo apa ndi pomwe pamafunika kusamala pophatikiza. Tiyiyu alibenso kafeini, yemwe amapezeka mu khofi ndi mu tiyi wamasamba, choncho sasokoneza tulo, kupatula kuti womwa usiku amadzuka kukataya madzi.

Mmene munthu angadziwire ngati akuthandizidwa

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse bwino. Bambo wa zaka 48, wosamwa mankhwala alionse, wauzidwa kuchipatala kuti bipi yake ili m'mphepete ndipo asinthe kadyedwe. Asanayambe tiyi, amayeza bipi kwa sabata yathunthu, m'mawa asanadye ndi madzulo asanagone. Nthawi iliyonse amakhala pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osayankhula, ndipo amayeza kawiri motalikitsa mphindi imodzi. Manambala a tsiku loyamba amawataya chifukwa nthawi zambiri amakwera ndi mantha. A masiku 6 otsalawo amawaphatikiza n'kugawa, ndipo akupeza 138/86.

Kenako amayamba makapu atatu pa tsiku opanda shuga, osasintha china chilichonse. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi amabwerezanso kuyeza kwa masiku 7 m'njira yomweyo. Akapeza 131/83, tiyi wachita zomwe kafukufuku amayembekezera, ndipo pali chifukwa chopitirizira. Akapeza 137/86, ndiye kuti kwa iye tiyiyu sakuchita kanthu, ndipo kuonjezera makapu kufika 8 si yankho. Akapeza kuti yakwera kufika 145/92, abwerere kuchipatala. Kuyeza kamodzi lero ndi kamodzi mwezi wamawa sikunena chilichonse, chifukwa bipi ya munthu mmodzi imatha kusiyana ndi 10 kapena 15 pakati pa m'mawa ndi masana. Amene alibe makina kunyumba angathe kumayezetsa pa chipatala chaching'ono chapafupi kangapo, pa nthawi yofanana, n'kumalemba m'buku lake la kuchipatala.

Masamu omwewo akusonyeza malire a tiyiyu. Mayi yemwe bipi yake ili pa 168/102, atachotsapo 7 ndi 3, atsala pa 161/99. Ngakhale atakhala mwa amwayi omwe amatsika ndi 13, adakali pamwamba pa 150. Munthu wotere akufunika mankhwala, kawirikawiri amitundu iwiri. Choopsa chachikulu cha chidede sichili m'kapu ayi, chili m'maganizo oti munthu akapeza tiyi angasiye mapiritsi. Bipi imabwerera pakangotha masiku ochepa mapiritsi atasiyidwa, ndipo imabwerera mwakachetechete. N'chimodzimodzi ndi tiyi: mphamvu yake imakhalapo pomwe akumwedwa, ndipo akasiyidwa bipi imakweranso. Sachiza matendawa.

Pofananitsa, kuchepetsa mchere kumatsitsa bipi ndi mlingo woyandikana ndi wa chidede mwa anthu omwe bipi yawo ndi yokwera. WHO imalangiza mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi wochepera supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa mu usipa wouma wothira mchere, tchipisi, soseji ndi timabulu tokometsera ndiwo. Womwa makapu atatu a chidede koma n'kumawaza mchere pa mbale iliyonse akutunga madzi ndi dengu.

Amene ayenera kusamala

Munthu amene ali kale pa mankhwala a bipi, monga amulodipini, enalapiri kapena piritsi lokodzetsa lomwe pa paketi limalembedwa HCT, ayenera kuuza dokotala kapena namwino asanayambe kumwa chidede tsiku ndi tsiku. Mphamvu ziwirizi zikaphatikizana bipi imatha kutsika mopitirira. Zizindikiro zake ndi chizungulire poimirira, chidima m'maso, kufooka kwa miyendo ndi kugunda kwa mtima mothamanga. Kwa okalamba, chizungulire chotere chimatha kuwagwetsa n'kuthyola fupa. Zikachitika, chosiya ndi tiyi, osati mapiritsi, ndipo bipi iyezedwe tsiku lomwelo. Poyesa pa nyama, chidede chinachedwetsanso kutuluka kwa HCT m'thupi, chomwe ndi chifukwa china chosamwera ziwirizi mwachisawawa.

Odwala shuga omwe akumwa mapiritsi kapena kubaya insulini ayeze shuga wawo pafupipafupi m'milungu yoyamba, chifukwa chidede chimatha kumutsitsako. Amene ali ndi matenda a impso asayambe popanda malangizo a dokotala.

Amayi oyembekezera apewe kumwa tiyiyu ngati mankhwala. Zoyesa pa nyama zinaonetsa kuti chidede chochuluka chimakhudza michere ya ubereki, ndipo chitetezo chake kwa mwana wosabadwa sichinatsimikizidwe. Choposa apo, bipi yokwera pa nthawi ya pakati ndi matenda ena oopsa omwe angabweretse kukomoka ndi kutaya mayi kapena mwana. Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukumupweteka kwambiri kapena akuona zinthu mwachimbuuzi apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Chidede chimasinthanso kayendedwe ka mankhwala ena m'thupi. Kafukufuku wa ku Sudan anapeza kuti karkade amachepetsa kolorokwini wolowa m'magazi. Malawi anasiya kugwiritsa ntchito kolorokwini pochiza malungo mu 1993, koma phunziro lake lidakalipo: mapiritsi a mtundu uliwonse amwedwe ndi madzi, ndipo tiyi abwere patapita maola angapo. Ku Nigeria anapezanso kuti zobo amafulumizitsa pang'ono kutuluka kwa panado m'thupi.

Zovuta zina ndi zazing'ono. Asidi wa tiyiyu amapweteka m'mimba mwa anthu omwe ali ndi zilonda za m'mimba kapena chilungulira, makamaka akamwedwa munthu asanadye. Amadyanso mano pang'onopang'ono ngati munthu akumwa mopsontha tsiku lonse. Kuchukucha m'kamwa ndi madzi akatha kumwa kumathandiza, ndipo kutsuka mano kudikire theka la ola. Makapu awiri kapena atatu pa tsiku ndiwo mlingo womwe wayesedwa mwa anthu popanda zovuta zazikulu. Ufa kapena madzi a chidede okhathamira kwambiri, omwedwa ochuluka kwa nthawi yaitali, anaononga chiwindi cha nyama zoyeserapo.

Pali nthawi yomwe tiyi alibe malo n'komwe. Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, ndipo akabwereza nambala yomweyo munthu atapuma mphindi zisanu, ayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, kapena kulephera kuyankhula bwino, munthuyo anyamulidwe kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale makina oyezera palibe.